Mmene mungawerengere kalata ya ku yunivesite kuti malo anu asakupulumukeni

Dzina likatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, pakhomo pamakhala nthungululu, ndipo kalata ikafika ambiri amawerenga ndime yoyamba yokha, ija yonena kuti mwapatsidwa malo, kenako n'kuipinda bwinobwino n'kuisunga m'sutikesi. Ndakhala ndikuwerenga makalata amenewa pamodzi ndi ophunzira a kuno ku Salima amene ndinawaphunzitsa ku sekondale, ndipo ndaona kuti kalatayi siikupatsani malo kotheratu. Ndi lonjezo lakuti malowo adzakhala anu ngati muchita zinthu zakutizakuti lisanafike tsiku lakutilakuti, ndipo amakhaladi anu pa tsiku limene mwalembetsa m'kaundula wa yunivesite, mapepala anu ataonedwa ndi kuvomerezedwa. Pakati pa tsiku lolandira kalata ndi tsiku lolembetsalo pali ntchito imene iyenera kugwiridwa mwa ndondomeko, makamaka kwa ife amene tili kutali ndi Zomba, Blantyre, Thyolo kapena Mzuzu, amene sitingabwerere kunyumba masana kukatenga pepala limene taiwala.

Choyamba, tsimikizani kuti kalatayo ndi yeniyeni. Kusankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, kumayendetsedwa mogwirizana ndi bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, ndipo mayina a osankhidwa amalengezedwa poyera. Koma kalata yokuitanani imachokera ku yunivesite imene yakutenganiyo, kawirikawiri ku ofesi ya rejisitala. Onani ngati dzina lanu lili pa mndandanda umene unalengezedwa, ndiponso ngati maphunziro amene atchulidwa m'kalatamo ndi omwewo amene ali pa mndandandawo. Munthu akakuimbirani foni n'kunena kuti mutumize ndalama pa nambala yake kuti akusungireni malo kapena akufulumizitsireni kalata, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba, chifukwa ndalama za yunivesite zimalipidwa ku akaunti ya yunivesiteyo basi. Mukatsimikiza, sindikizani kalatayo pa pepala ngakhale mwailandira pa foni, pamodzi ndi mapepala onse amene abwera nayo, pakuti nthawi zambiri mfundo zovuta sizikhala pa tsamba loyamba koma m'malangizo otsatira ndi m'mafomu ophatikizidwa.

Chachiwiri, tengani cholembera ndi kope, ndipo muwerenge kalatayo katatu, ulendo uliwonse mukufunafuna chinthu chimodzi chokha. Ulendo woyamba lembani tsiku lililonse limene latchulidwa. Ulendo wachiwiri lembani ndalama iliyonse, ntchito yake, ndi kumene iyenera kulipidwa. Ulendo wachitatu lembani pepala lililonse limene akulifuna, ndipo pambali pake muonetse ngati akufuna lenileni, fotokope wamba, kapena fotokope yotsimikizidwa ndi chidindo. Makalatawa amalembedwa m'Chingerezi cha m'maofesi, ndipo chiganizo chimodzi chikhoza kunyamula zinthu zitatu nthawi imodzi, choncho si chamanyazi kupempha mphunzitsi wanu wakale kapena wophunzira amene ali kale ku yunivesiteyo kuti muwerengere limodzi. Poterepa samalani kwambiri ndi ziganizo zimene tanthauzo lake ndi lakuti "malinga ngati", "pokhapokha" kapena "mukalephera kutero". Mfundo zimene malo anu atsamirapo zimakhala m'ziganizo zoterozo.

Mfundo zimenezi sizikhala zambiri. Yaikulu ndi yakuti zotsatira za mayeso zimene munalemba pofunsira malo ziyenera kufanana ndi zimene zili pa satifiketi yanu. Muyezo wodziwika wolowera ku yunivesite ya boma ndi MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti ndi giredi 6 kapena yoposa pamenepo kulowera ku 1, pamene 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. Maphunziro ena amawonjezera zofuna zawo, monga giredi inayake ya Masamu kapena ya sayansi. Yunivesite imadzisungira ufulu wolanda malowo nthawi ina iliyonse ikapeza kuti zimene munalemba sizoona, ngakhale mutayamba kale kuphunzira. Mfundo ina ndi yakuti malowo ndi a maphunziro amene atchulidwawo ndiponso a chaka chimenecho chokha, kotero kuti simungangoganiza nokha zodzapita chaka chamawa kapena zokasintha kosi mukafika. Ngati matenda, pakati kapena kusowa kwa ndalama kukulepheretsani kuyamba, lemberani rejisitala kalata yopempha kuti akusungireni malo nthawi yolembetsa isanathe, fotokozani chifukwa, phatikizani umboni, ndipo sungani fotokope ya kalata yanuyo ndi yankho lawo. Amene wangokhala chete amatengedwa ngati wakana malo.

Pali mfundo inanso imene makolo ambiri amaidumpha, ndiyo ya malo ogona. Kupatsidwa malo a maphunziro sikutanthauza kuti mwapatsidwa bedi ku hositelo. Zipinda za pa sukulu n'zochepa poyerekeza ndi ophunzira, zimafunsiridwa padera, zili ndi mtengo wake wapadera, ndipo chakudya wophunzira amadzigulira yekha. Kalata ikanena kuti mwatengedwa ngati wophunzira wodzipezera yekha pogona, yambani kufufuza nyumba tsiku lomwelo, osati tsiku lonyamuka.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndaona ana ambiri akuvutika, yalani pa tebulo mapepala atatu: kalata ya ku yunivesite, satifiketi ya MSCE kapena pepala la zotsatira, ndi chiphaso cha unzika chochokera ku NRB. Yerekezani mayina chilembo ndi chilembo, kenako tsiku lobadwa. Kuno kunyanja mwana mmodzi amatha kukhala ndi dzina la kunyumba, dzina la ku madrasa kapena la ubatizo, ndi dzina limene aphunzitsi a ku pulayimale analemba monga mmene analimvera. Wina pa satifiketi ndi Yusufu koma pa chiphaso ndi Yusuf. Wina analembetsa mayeso ndi dzina la agogo amene ankamulera, koma pojambulitsa chiphaso anatchula la bambo ake. Wina mfunda wake uli pa pepala limodzi, pa linzake palibe. Aliponso amene anasintha dzina pobwereza Sitandade 8, ndipo dzina limenelo lawatsatira mpaka ku Fomu 4. Kumudzi aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo, koma kalaliki amene akulembetsa ophunzira mazanamazana sakudziwani, ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti amene waima patsogolo pakeyo ndi mwini wake wa satifiketi. Kukayikira kwakeko n'koyenera, chifukwa ndi kumene kumateteza malo anu kwa munthu amene angabwere ndi mapepala a eni.

Mukapeza kusiyana, yambani mwafunsa kuti cholakwacho chinachitikira kuti. Ngati satifiketi ndi chiphaso zikugwirizana koma kalata ya yunivesite ndiyo yalakwitsa, nkhaniyo ndi yopepuka: lemberani rejisitala, phatikizani mafotokope a mapepala awiriwo, ndipo pemphani kuti akonze musanalipire fizi, kuti lisiti lisatuluke ndi dzina lolakwika. Ngati kusiyana kuli pakati pa satifiketi ndi chiphaso, njira imene anthu amatsata ndi kalata yolumbira, imene ena amaitcha afidaviti. M'kalatamo mumanena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, mumafotokoza mmene kusiyanako kunayambira, ndipo mumalumbira ndi kusayina pamaso pa munthu amene lamulo limamulola kulumbiritsa anthu, monga majisitireti kapena loya. Kalata ya aphunzitsi aakulu a ku sekondale kwanu, yotsimikiza kuti munaphunzira kumeneko ndi kulemba mayeso ndi dzina lakuti komanso nambala yakuti, imalimbikitsa kwambiri umboniwo. Komabe musanachite zonsezi imbani kapena lemberani ku ofesi ya rejisitala, muwauze kusiyana kwake ndendende, ndipo mufunse umboni umene iwo amalandira, popeza kusiyana kwa chilembo chimodzi ndi kusiyana kwa dzina lonse sakuona mofanana. Musakonze nokha pepala lililonse ndi cholembera kapena kufufuta chilembo, ngakhale cholakwacho chili choonekeratu, chifukwa satifiketi yokandidwa imakayikiridwa kuposa yolakwika.

Ponena za satifiketi yeniyeniyo, pitani msanga ku sukulu kumene munalembera mayeso. Ngati yafika, aphunzitsi aakulu angafune kuti muyambe mwabweza mabuku kapena mwamaliza ngongole ya fizi, ndipo zimenezi n'zabwino kuzidziwa kudakali nthawi. Ngati sinafike, tengani pepala la zotsatira lochokera ku MANEB, ndipo werenganinso kalata ya yunivesite kuti muone ngati ikulilola m'malo mwa satifiketi. Amene satifiketi inamutayika kapena inanyowa ndi madzi osefukira ayenera kukatenga lipoti ku polisi ndi kupempha ku MANEB, imene likulu lake lili ku Zomba, chikalata chotsimikizira zotsatira zake. Imeneyi si ntchito ya tsiku limodzi. Amenenso analemba MSCE kawiri ndipo anagwiritsa ntchito zotsatira zonse ziwiri pofunsira malo anyamule mapepala a maulendo onse awiri.

Fotokope yotsimikizidwa si fotokope wamba. Mumatenga pepala lenileni pamodzi ndi fotokope yake kwa wolumbiritsa anthu uja, iye amaziyerekeza, n'kudinda ndi kusayina pa fotokopeyo kuti ikufanana ndi chenicheni. Onetsetsani kuti fotokopeyo ikuwerengeka bwino, kuti nambala ya mayeso sinadulidwe m'mphepete, ndiponso kuti chiphaso cha unzika mwachijambula mbali zonse ziwiri. Dinditsani zingapo nthawi imodzi, chifukwa zina zidzafunika pofunsira ngongole ndi potsegula akaunti ku banki. Ngakhale muli ndi zodindidwa, zenizeni muzinyamulebe pa tsiku lolembetsa, mu envelopu yokulungidwa m'pepala la pulasitiki, m'chikwama chimene muchigwire pamiyendo osati chimene chikwezedwe pamwamba pa basi.

Chachinayi ndi masiku. Kalata imodzi ikhoza kukhala ndi masiku anayi kapena asanu osiyana: lomaliza kuvomera malo, lomaliza kulipira, lofika pa sukulu, la sabata yozolowetsa ophunzira atsopano, ndi lotseka kaundula. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi lakuti banja limaloweza tsiku lotsegulira sukulu lokha, pamene tsiku lovomera malo kapena lolipira limakhala m'mbuyo mwake ndi masabata angapo. Njira yothandiza ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa tsiku lomaliza, ndipo ntchito imene muyambe nayo ikhale imene ili m'manja mwa anthu ena, osati imene ili yophweka kwa inu.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Khombedza amene wasankhidwa kupita ku yunivesite ya ku Mzuzu, ndipo masiku ndi ndalama zimene nditchule pano ndi zongoyerekeza kuti njira yake ioneke. Kalata wailandira kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti akafike, ndipo ikunena kuti avomere malo pasanathe masiku 14, alipire theka la fizi asanalembetse, ndipo abweretse satifiketi, chiphaso cha unzika, lipoti la kuchipatala pa fomu ya yunivesite, zithunzi za pasipoti ndi lisiti la ku banki. Atayala mapepala ake, wapeza kuti pa satifiketi pali Mariamu pamene pa chiphaso pali Mariam, ndiponso dzina lachiwiri pa chiphaso ndi la bambo ake pamene pa satifiketi ndi la agogo.

M'sabata yoyamba achite zinthu zitatu zokha. Avomere malo nthawi yomweyo m'njira imene kalata yanena, kaya ndi fomu yosayina kaya ndi pa intaneti, n'kusunga umboni wakuti watumiza, chifukwa kuvomera sikudikira kuti ndalama zipezeke pokhapokha kalatayo itanena kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Kenako afunse kwa rejisitala za mayina aja ndipo apite kwa aphunzitsi aakulu kukatenga kalata yomuchitira umboni. M'sabata yachiwiri akwere galimoto ya m'mamawa kupita pa boma ku Salima, atanyamula mapepala onse enieni, kuti akalumbire kalata ya mayina, adinditse mafotokope ndi kujambulitsa zithunzi pa ulendo umodzi. Ulendowo auike pakati pa sabata osati Lachisanu masana, ndipo akonzekere kuti mwina wodinda sapezeka chifukwa ali m'khoti, kotero kuti pangafunike ulendo wachiwiri.

Sabata yachitatu ndi ya kuchipatala. Atenge fomu ya yunivesite yeniyeniyo, chifukwa kalata wamba yonena kuti ali bwino siilowa m'malo mwa fomu imene yunivesite inatumiza. Apite ku chipatala chachikulu cha boma ngati fomuyo ikufuna zoyeza zimene chipatala chaching'ono cha kumudzi sichingathe, monga kujambula m'chifuwa, ndipo asanachoke aone kuti malo onse adzazidwa, kuti woyezayo walemba dzina ndi udindo wake, wasayina, ndipo chidindo cha chipatala chilipo. Ngati ali ndi matenda okhalitsa kapena ulumali, asabise, popeza fomu imeneyi ndi imene imathandiza yunivesite kudziwa chisamaliro chimene angafunike. Ntchitoyi ndaiika pakati dala: ikachedwa chifukwa makina sakugwira ntchito tsiku limenelo, mpata wobwereranso ulipo.

Kulipira kubwere m'sabata yachinayi kapena yachisanu, osati m'masiku omaliza. Tinene kuti kalata yati fizi ndi K800,000 ndipo theka lilipidwe asanalembetse. Funso loyamba ndi lakuti K800,000 imeneyo ndi ya chaka chonse kapena ya semesita imodzi, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi pali ndalama zina zolembedwa padera, monga za chipatala, za bungwe la ophunzira kapena za chiphaso cha pa sukulu, zimene ziyenera kulipidwa zonse pachiyambi. Banja limene lakonza K400,000 yokha likhoza kupezeka kuti lapereweza chifukwa cha tindalama tating'onoting'ono timeneti. Ku banki, pa pepala loikira ndalama alembe dzina la wophunzira monga lilili pa kalata ndi nambala imene yunivesite yamupatsa, osati dzina la malume amene apereka ndalamazo. Cholakwa chimenechi chimachitika kwambiri: amalume amaika ndalama ku Lilongwe m'dzina lawo, ndalamazo zimafikadi ku akaunti ya yunivesite, koma ofesi ya zachuma singadziwe kuti ndi za mwana uti, ndipo mtsikanayo amaoneka ngati sanalipire. Asanachoke pa kauntala aone nambala ya akaunti, chidindo ndi kuchuluka kwa ndalama, ajambule lisitilo pa foni ndi kulichititsa fotokope, chifukwa inki ya malisiti ena imafufutika ikakhala pa dzuwa. Akumbukirenso kuti ndalama zochokera ku banki ina sizionekera nthawi yomweyo, ndipo tsiku lomaliza likagwera Lamulungu kapena pa holide, tsiku lake lenileni lolipira ndi lantchito la m'mbuyo mwake.

Za ngongole ya maphunziro ndinene momveka, chifukwa ambiri amasokoneza. Kalata ya yunivesite si chilolezo cha ngongole. Ngongole imaperekedwa ndi bungwe lina, la HESLGB, limene lili ndi fomu yake, zofuna zake ndi tsiku lake lotseka, ndipo si aliyense wofunsira amene amapatsidwa. Mtsikana wathuyu afunsire ikangotsegulidwa, agwiritse ntchito mayina omwewo ndi nambala yomweyo imene ili pa kalata ya yunivesite, ndipo aone msanga anthu amene fomuyo ikufuna kuti asayine, popeza kuwapeza onse kumadya masiku. Kenako afunse ku yunivesite, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngati wofunsira ngongole amaloledwa kulembetsa mayina a opatsidwa asanatuluke kapena ayenera kulipirako kaye gawo lina. Asamange ulendo wonse pa ngongole imene sinavomerezedwe, ndipo ndalama ya thiransipoti, ya lendi ya mwezi woyamba ndi ya chakudya cha masabata oyamba ikhale yochokera kwina.

Sabata yomaliza isakhale ndi ntchito ya mu ofesi ina iliyonse. Asanje mapepala motsatira mndandanda wa m'kalata, enieni mu envelopu imodzi ndipo mafotokope mu ina, ndipo gulu limodzi la mafotokope alisiye kunyumba kwa munthu amene ali ndi foni, kuti china chikatayika atumiziridwe chithunzi chake. Ulendo wochoka ku Salima kudzera ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay pa msewu wa M5 ndi wautali, ndipo m'nyengo ya mvula milatho ya msewu umenewu imatha kuonongeka, choncho anyamuke kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, osati m'mawa wa tsiku lolembetsa. Akafika, asaganize kuti kupereka mapepala pa tebulo loyamba ndiye kuti zatha. Kulembetsa kumadutsa m'maofesi angapo, ya zachuma, ya kaundula ndi ya dipatimenti yake, ndipo nthawi zambiri kumamalizidwa pa kompyuta posankha maphunziro a semesitayo. Asanakhale pansi afunse kuti umboni wakuti wamaliza kulembetsa ndi uti, kaya ndi fomu yodindidwa kaya ndi uthenga wa pa akaunti yake ya ophunzira, autenge, ndipo ausunge pamodzi ndi kalata ija ndi lisiti la ku banki mpaka adzamalize maphunziro ake.